Chipinda Chaukhondo, Olandira Alendo Amwano: Kalembedwe ka Ndemanga Yoona

Ndemanga ya malo ogona alendo ndi mawu achidule amene mlendo amalemba akachoka pa resitihausi kapena pa loji, pofuna kudziwitsa ena zimene anapezako. Ena amailemba m'buku la alendo lopezeka pamalo olandirira, ena pa Google Maps kapena Booking.com. Ndemanga yovuta kuilemba ndi ija ya malo amene chipinda chake chinali chaukhondo koma ogwira ntchito anali amwano, chifukwa mtima ukapsa umaiwalitsa zabwino zonse. Wolemba wachilungamo amalekanitsa zinthu ziwirizi, n'kufotokoza chilichonse monga anachionera.

Mbali yoyamba ndi ya chipinda. Mawu akuti "munali mwaukhondo" paokha sathandiza kwenikweni, popeza aliyense ali ndi muyeso wake wa ukhondo. Wowerenga amafuna kudziwa ngati zofunda zinali zochapa, ngati m'mphepete mwa matiresi munalibe nsikidzi, ngati neti yoteteza ku udzudzu inalibe zibowo, ndiponso ngati m'bafa ndi m'chimbudzi munali mokolopa bwino. Izi zimayamba kutchulidwa, ndipo zimatchulidwa mokwanira, chifukwa munthu amene wayamikira choyenera kuyamikira amakhulupirika akafika pa dandaulo.

Mbali yachiwiri ndi ya khalidwe la ogwira ntchito, ndipo lamulo lake ndi limodzi: kulemba zimene munthu anachita ndi kunena, osati kumuweruza kuti ndi wotani. Mwachitsanzo, mayi wina watsika basi ku Mzuzu usiku kuchokera ku Lilongwe, ndipo wakagona pa resitihausi ina. Atakwiya akhoza kulemba kuti: "Antchito a pamenepa ndi zitsiru zosaleredwa." Mawu amenewa ndi chipongwe, ndipo sauza wowerenga chimene chinachitika. Ndemanga yabwino ingamveke motere:

"Ndinagona pano usiku umodzi. Chipinda chinali chosesa bwino, zofunda zochapa, neti yopanda chibowo, ndipo m'bafa munali sopo ndi thawulo louma. Chimene chinandikhumudwitsa ndi kalandiridwe. Nditafika cha m'ma 9 koloko usiku ndinapereka moni, koma wolandira alendo sanayankhe, anapitiriza kucheza pa foni. Kiyi anangoiponya patebulo. M'mawa nditapempha madzi otentha, anandiyankha kuti, 'Iwe, dikira, sindiwe wekha pano.' Ndinawafotokozera a manijala ndipo anapepesa. Malowa ndi abwino kwa ofuna ukhondo, koma kalandiridwe ka alendo kakufunika kukonza."

M'ndemanga imeneyi muli nthawi, zochitika ndi mawu enieni amene ananenedwa. Wowerenga aliyense amadziwa kulemera kwa kunena munthu wamkulu kuti "iwe" m'malo mwa "inu", kotero wolemba safunika kuwonjezera mawu onyoza. Dzina la wantchitoyo silinatchulidwe. Udindo wake ndi nthawi imene anali pa ntchito n'zokwanira kuti mwini malo adziwe woti alankhule naye, popanda kumuchititsa manyazi pagulu. Kupepesa kwa manijala kwalembedwanso, chifukwa nakonso ndi mbali ya zoona.

Pali zolakwika zitatu zimene zimaononga ndemanga zotere. Choyamba ndi kukuza nkhani, monga kunena kuti "antchito onse ndi amwano" pamene wolakwa anali mmodzi, ndipo mlonda ndi wokonza m'zipinda anali aulemu. Chachiwiri ndi kulemba zongoganizira, monga kunena kuti wantchitoyo anali ataledzera kapena kuti amasankha mtundu wa anthu, pamene umboni palibe. Mawu otere akhoza kumufikitsa wolemba kukhoti pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu, pamene wolemba zoona zokhazokha amakhala ndi podzitetezera. Chachitatu ndi kusenzetsa wantchito vuto losakhala lake. Magetsi akathima dera lonse, iye alibe mlandu. Chimene chingalembedwe ndi mmene anayankhira mlendo atapempha nyali.

Chomaliza ndi kupereka nyenyezi. Pa Google Maps nyenyezi zimayambira pa 1 kufika pa 5. Kupereka 1 chifukwa cha mwano wokha kumabisa ukhondo, ndipo kupereka 5 chifukwa cha chifundo kumasocheretsa mlendo wotsatira. Pa nkhani ngati ya mayi wa ku Mzuzu uja, nyenyezi 3 zimagwirizana ndi mawu ake. Pa Booking.com ukhondo ndi ogwira ntchito zimapatsidwa malikisi padera, kotero china chikhoza kukwera pamene china chatsika. Nthawi yoyenera kulemba ndi tsiku lotsatira kapena lachiwiri lake, mtima utakhazikika koma mawu amene ananenedwa asanaiwalike.