Satifiketi ya mayeso a chiyankhulo: funsani kaye woilandira musanalipire

Amalawi ambiri amadabwa akauzidwa kuti alembe mayeso a Chingerezi asanapite kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja. Munthu waphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, pa MSCE anakhoza bwino, mwina ali ndi digiri, ndiye mayeso enawo n'ngachiyani? Yankho n'lakuti boma la Britain, mwachitsanzo, lili ndi mndandanda wa mayiko amene limati anthu ake ambiri amayankhula Chingerezi, ndipo Malawi ndi Zambia mulibe. Choncho pamafunika umboni wina. Umboniwo ndi satifiketi yokwera mtengo, imene nthawi zambiri imagwira ntchito kwa zaka ziwiri zokha.

Mayeso odziwika kwambiri ndi IELTS, amene eni ake ndi British Council, bungwe la IDP la ku Australia ndi nthambi ya mayeso ya yunivesite ya Cambridge. Amayesa zinthu zinayi: kumva, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula, ndipo malikisi ake amathera pa 9. Palinso TOEFL iBT ya bungwe la ETS la ku America, PTE ya kampani ya Pearson, ndi OET ya anthu azachipatala okha, imene mafunso ake amakhala a nkhani za odwala.

Pa IELTS, TOEFL ndi PTE, zaka ziwirizo zimayamba kuwerengedwa pa tsiku limene munalemba, osati limene zotsatira zinatuluka. Chifukwa chake n'chakuti luso la chiyankhulo silikhala pamodzimodzi: limakula munthu akamachigwiritsa ntchito, limazilala akachisiya. A ETS satumizanso n'komwe zotsatira za TOEFL zaka ziwiri zikadutsa, ngakhale munakhoza chotani.

Ziyankhulo zina zili ndi malamulo awoawo. Madipuloma a Chifalansa a DELF ndi DALF ndi a moyo wonse, pamene mayeso a TCF, a Chifalansa chomwecho, amatha pa zaka ziwiri. Satifiketi ya Chijeremani ya Goethe-Institut ilibe tsiku lothera, koma maofesi a kazembe ndi mabwana ambiri amafuna imene sinapitirire chaka chimodzi kapena ziwiri. Apa m'pamene pagona nkhani yonse: wolamula si wopereka mayeso, koma wolandira pepalalo.

N'chifukwa chake kusankha mayeso kumayambira pa tsamba la yunivesite, la bungwe loona za ntchito yanu, kapena la ofesi ya ziphaso za dziko limene mukupita. IELTS yokhayo ili mitundu iwiri. IELTS Academic ndi ya ofuna malo ku yunivesite ndi olembetsa ntchito monga ya unamwino ndi udokotala. IELTS General Training ndi ya osamuka. Dziko la Canada, pa ndondomeko yake ya osamukira kumeneko ya Express Entry, limalandira General Training yokha, ndipo Academic limaikana ngakhale mutapeza 9. Ku Britain nako, ziphaso zambiri zimafuna mayeso olembedwera pamalo amene boma linavomereza, monga IELTS for UKVI. Mafunso ake ndi ofanana ndi a IELTS wamba, kusiyana kuli pa chitetezo ndi nambala yapadera ya pa satifiketi. TOEFL amailandira m'mayunivesite ambiri, koma inachotsedwa pa mayeso ovomerezeka a ziphaso za Britain mu 2014.

Mukadziwa mtundu wa mayeso, onetsetsani malikisi ofunika pa gawo lililonse, chifukwa ambiri amapunthwa pamenepa. Tiyerekeze namwino wofuna kulembetsa ku bungwe la anamwino la ku Britain, Nursing and Midwifery Council. Bungweli limafuna 7 pa kumva, 7 pa kuwerenga, 7 pa kuyankhula ndi 6.5 pa kulemba. Namwinoyo wapeza 8 pa kumva, 7.5 pa kuwerenga, 7 pa kuyankhula ndi 6 pa kulemba. Kuphatikiza zonse ndi 28.5, kugawa ndi 4 ndi 7.125, ndipo pa satifiketi palembedwa 7. Iye aona 7 wamkuluyo n'kuyamba kuimbira abale foni, koma pa mayeso amenewa okha sanakwanitse, chifukwa gawo la kulemba laperewera ndi theka. Masiku ano IELTS ya pa kompyuta imalola, m'malo ena olembera, kubwereza gawo limodzi pasanathe masiku 60, mwayi umene amautcha One Skill Retake. Komabe si mabungwe onse amene amavomereza zotsatira zoterozo, ndiye funsani musanalipire.

Funso lina lalikulu ndi la nthawi yolembera. Anthu ambiri amalemba msanga kuti akhale nayo m'manja, osaganizira kuti pepalalo lidzaonedwa kangati komanso liti. Tengani munthu wofuna kusamukira ku Canada amene analemba IELTS pa 10 Malichi 2024. Lamulo la Express Entry limati zotsatira zikhale zosakwana zaka ziwiri pa nthawi ziwiri: polemba dzina m'kaundula wa ofuna kusamuka, komanso popereka pempho lenileni akaitanidwa. Munthuyu walemba dzina mu Juni 2025, zonse zili bwino. Kuitanidwa kwabwera pa 20 Febuluwale 2026, ndipo apatsidwa masiku 60 oti apereke mapepala onse. Iye akuwerengera mpaka mu Epulo, akusaka kalata ya kupolisi ndi ya kuchipatala mosathamanga. Koma satifiketi yake ikutha pa 10 Malichi, kutanthauza kuti masiku enieni amene ali nawo sakwana 20. Akapereka pempho mu Epulo ndi pepala lomwelo, likanidwa.

Njira yopewera zimenezi ndi kuwerengera chobwerera m'mbuyo. Pezani tsiku lomaliza limene wina aliyense adzafune kuona satifiketiyo, kaya ndi a yunivesite, opereka thandizo la maphunziro kapena a ziphaso, ndipo tsiku la mayeso likhale mkati mwa zaka ziwiri tsikulo lisanafike. Mayunivesite ena amafuna kuti ikhale ikugwirabe ntchito pa tsiku loyamba maphunziro, osati pa tsiku lofunsira malo lokha. Komanso musachedwe mpaka mphindi yomaliza. Zotsatira za mayeso a pa kompyuta zimatuluka m'masiku ochepa, koma muyenera kusiya miyezi iwiri kapena itatu yoti mubwereze zikavuta.

Musanatulutse ndalama, funsaninso ngati mayesowo akufunikadi. Mayunivesite ena amalandira kalata yochokera ku koleji yanu yotsimikiza kuti munaphunzira m'Chingerezi. Pa ziphaso zina za Britain, digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi imalowa m'malo mwa mayeso ikatsimikiziridwa ndi bungwe la Ecctis. Yankho limenelo mulipeze lolembedwa, osati la pakamwa kapena lomva kwa mnzanu amene anapita zaka zapitazo, chifukwa malamulowa amasinthasintha.

Chenjezo lomaliza ndi la anthu amene amalengeza pa WhatsApp ndi Facebook kuti akhoza kukupezerani satifiketi popanda kulemba mayeso. Satifiketi iliyonse ya IELTS ili ndi nambala yake, ndipo oilandira amaifufuza pa intaneti m'kaundula wa eni mayeso, mmene muli chithunzi ndi malikisi a wolemba. Pepala labodza limagwidwa pamenepo, ndipo ku Britain chinyengo pa pempho la chiphaso chikhoza kukuletsani kulowa m'dzikolo kwa zaka 10. Lembetsani kudzera pa tsamba la eni mayeso, ndipo pa tsiku lolemba mutenge pasipoti yomweyo imene munalembetsera.