Kupatsa mwana nyumba kholo lili moyo: zimene zimachitika ku Mangalande

Amalawi ena amene anapita ku Mangalande zaka makumi awiri zapitazo, monga anamwino ndi osamalira okalamba, tsopano akuyandikira kumaliza ngongole za nyumba zawo. Akamacheza pa maliro kapena potuluka m'tchalitchi, uphungu umodzi sulephera kumveka: ilembeni m'dzina la mwana mukadali moyo, boma lingadzadyepo msonkho. Uphunguwu umamveka wanzeru, koma kwa kholo limene likufuna kupitiriza kukhala m'nyumbayo, kawirikawiri umabweretsa msonkho wochuluka kuposa umene likuthawa.

Kupereka kwenikweniko sikovuta. Popeza mwana salipira kanthu, mphatsoyo imachitika ndi chikalata chimene kholo limasaina pamaso pa mboni, mboniyo n'kusainanso. Ngati nyumba ili kale m'kaundula wa boma, amadzaza fomu ya TR1 yosamutsira umwini, n'kuitumiza pamodzi ndi fomu ya AP1 ku ofesi ya HM Land Registry. Amene alibe loya amaonjezera fomu ya ID1 yotsimikizira kuti iwo ndi eni mainawo. Ngati nyumba ikadali ndi ngongole, banki iyenera kuvomereza kaye.

Dzina la mwana likangolowa m'kaundula, nyumba ndi yake basi. Kholo silingaitenge chifukwa choti lasintha maganizo kapena ayambana. Mwanayo akhoza kuigulitsa kapena kuikoleka pa ngongole. Ukwati wake ukatha, khoti likhoza kuiwerengera pa katundu wogawana ndi mkazi kapena mwamuna wake. Akagwa m'ngongole zosatheka kubweza, okongoza amaiyang'ana, ndipo akatsogola kumwalira, imapita kwa olowa chuma chake, amene mwina ndi mpongozi wosamvana ndi kholo lija.

Chimene chimakopa anthu ndi lamulo la zaka zisanu ndi ziwiri. Msonkho wa chuma cha masiye ku Britain ndi 40 peresenti, koma umayambira pa chuma choposa £325,000. Wosiyira ana kapena zidzukulu nyumba imene ankakhalamo amaonjezeredwa £175,000 ina yosadulidwa msonkho, ndiye kuti malire amafika £500,000. Mphatso imene munthu wapereka ali moyo imachoka kotheratu m'chiwerengerochi akakhala ndi moyo zaka zisanu ndi ziwiri chiperekereni. Akamwalira zisanakwane, mphatsoyo imabwerera m'chiwerengero ndipo ndi imene imayamba kudya £325,000 ija.

Chimene ambiri samva ndi chakuti lamuloli limagwira ntchito pokhapokha woperekayo atasiyadi kupindula ndi chimene wapereka. Kuyambira mu 1986, munthu akapereka nyumba koma n'kumakhalabe momwemo ulele, a msonkho a HMRC amaiona ngati ikadali yake, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zija siziyamba n'komwe kuwerengedwa. Zili ngati kupatsa munthu nkhuku iwe n'kumatolabe mazira: kwa a msonkho, nkhukuyo sinachoke pakhomo. Kuti mphatso ivomerezeke, kholo liyenera kusamuka, kapena kumalipira mwana lendi yofanana ndi imene mlendo akanalipira, yomakwera monga malendi a m'deralo akukwerera. Lendiyo mwana amailipirira msonkho wa ndalama zimene amapeza. Njira ina ndi yoti kholo lipereke gawo chabe la nyumba kwa mwana amene akukhala nalo limodzi, kholo n'kumalipira mbali yake ya zofunika pakhomo.

Chitsanzo chongoyerekeza, chowerengedwa ndi malire a msonkho a mu 2025, chikuonetsa pamene ndalama imatayikira. Mayi wina amene sali pabanja ali ndi nyumba ya £400,000 ku Leicester. Akuilemba m'dzina la mwana wake amene amakhala ndi kugwira ntchito ku London, koma iwo akupitiriza kukhalamo osalipira lendi. Pa tsiku la mphatso palibe msonkho wa phindu umene mayi akulipira, chifukwa nyumbayo yakhala kwawo kwenikweni chiigulireni. Patatha zaka khumi mayi akumwalira, nyumba itafika pa £500,000, ndipo kubanki asiya £50,000.

A msonkho akuphatikiza zonse n'kupeza £550,000, ngati kuti mphatso sinachitike. Akachotsa £500,000 yosadulidwa msonkho, yotsala ndi £50,000, ndipo 40 peresenti yake ndi £20,000. Ndalama imeneyi ikanalipiridwa chimodzimodzi mayi akanangolemba wilo. Mpaka pano mphatso sinapulumutse ngakhale paundi imodzi.

Kupweteka kumabwera mwana akagulitsa nyumba. Pa msonkho wa phindu, iye ndiye mwini kuyambira tsiku la mphatso, ndipo amaonedwa ngati anaipeza pa mtengo wa tsikulo, £400,000. Akaigulitsa pa £500,000, phindu ndi £100,000, ndipo popeza sanakhalemo, alibe chomuteteza. Akachotsa £3,000 imene munthu amaloledwa kupindula pa chaka osadulidwa, yotsala ndi £97,000. Kwa wolandira malipiro apamwamba msonkho wake ndi 24 peresenti, kutanthauza £23,280, tisanachotse zolipira loya ndi ogulitsa nyumba. Ndalamayi iyenera kunenedwa ndi kulipiridwa pasanathe masiku 60 kugulitsa kutatha. Nyumba ikanadutsa pa wilo, mwana akanailandira pa mtengo wa tsiku la imfa, £500,000, ndipo pogulitsa pamtengo womwewo sipakanakhala phindu lodulidwa msonkho.

Ngati nyumba yoperekedwayo ndi yochititsa lendi, msonkho wa phindu umagwera kholo nthawi yomweyo. Lamulo limaona mphatso ya kholo kwa mwana ngati kugulitsa pa mtengo wa pamsika, choncho kholo limalipira msonkho pa ndalama imene silinalandire.

Msonkho wa sitampa, umene ogula nyumba amalipira, sukhudza mphatso yeniyeni. Koma mwana akasenza ngongole ya banki yotsala, ngongoleyo imatengedwa ngati mtengo wogulira, ndipo msonkho ukhoza kubwera. Palinso china chimene chimaonekera mochedwa: mwana amene wakhalapo mwini nyumba, ngakhale ya mphatso, salinso m'gulu la ogula koyamba amene amachepetseredwa msonkhowu. Akafuna kugula yakeyake ya ku London ija akadali ndi ya mayi, amalipiranso 5 peresenti yoonjezera imene imaikidwa pa nyumba yachiwiri.

Ena amapereka nyumba poopa ndalama za kumalo osungirako okalamba. Ku Mangalande, munthu wa chuma choposa £23,250 amadzilipirira yekha kumeneko, ndipo nyumba kawirikawiri imawerengedwa. Koma khonsolo ili ndi mphamvu, pansi pa lamulo la chisamaliro la mu 2014, yofufuza ngati munthu anataya dala chuma pozemba malipirowo. Apa palibe malire a zaka zisanu ndi ziwiri. Chimene amaona ndi cholinga ndi nthawi: kodi popereka nyumba, kholo linali litayamba kudwaladwala ndipo linkayembekezera kudzafuna chisamaliro? Akapeza kuti zinali choncho, amawerengera ngati nyumba ikadali ya kholo, ndipo nthawi zina amatha kulipiritsa mwanayo.

Mphatso ya nyumba imapindulitsa kholo limene chuma chake chikuposa kutali £500,000, lili ndi thanzi, ndipo lili ndi kwina kokakhala, monga amene akubwerera kwawo ku Malawi osadzakhalamonso. Kwa kholo la nyumba imodzi limene likufuna kukalambira momwemo, wilo yolembedwa bwino imapatsa mwana nyumba yomweyo, pa msonkho wocheperapo, kholo lili mwini mpaka tsiku lomaliza. Amene akufunabe kupereka ayenera kukhala ndi loya wawowawo, wosiyana ndi wa mwana, asanasaine TR1.