Kulandira mlendo pa wailesi ndi mfundo imodzi

Mlendo akatumiza mbiri yake ku wailesi, woulutsa amasowa chiganizo chimodzi chokoka khutu, osati mndandanda wa masatifiketi.

Titenge William Kamkwamba. Woulutsa angomutchula kuti mnyamata wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene njala ya 2001 itamuchotsa pasukulu anamanga makina amphepo opanga magetsi ndi zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Basi. Za digiri ya ku Dartmouth zibwera mkati mwa zokambirana.

Mbiriyo ilembedwe ngati ikunena za munthu wina, iyambe ndi dzina ndi kwawo, ithere pa mfundoyo kuti funso loyamba libadwire pomwepo. Woulutsa akapunthwa poiwerenga mokweza, ndiye kuti yatalika, idulidwe.