Majini a Anthu a mu Africa: N'chifukwa Chiyani Amasiyana Kwambiri?

Mwina munamvapo wina akunena kuti anthu akuda ndi amodzi, ndipo mankhwala amagwira mofanana mwa onse. Maganizo amenewa ndi olakwika. M'thupi mwanu muli majini, omwe ndi malangizo a chibadwa amene munatengera kwa mayi ndi bambo anu. Mu 2010 akatswiri anayeza majini a amuna achikulire a mtundu wa Asani ku Namibia, ndipo anapeza kuti amunawo ankasiyana okhaokha kuposa mmene munthu wa ku Ulaya amasiyanirana ndi wa ku Asiya.

Gwero la zimenezi ndi nthawi. Anthu a maonekedwe athuwa akhala mu Africa kwa zaka pafupifupi 300,000. Mwana aliyense amabadwa ndi timasinthidwe tochepa m'majini timene makolo ake analibe, ndipo tambiri sitivulaza. Timasinthidweti takhala tikuunjikana m'mibadwo yonseyi.

Kenako, zaka pafupifupi 60,000 zapitazo, kagulu kochepa kanatuluka mu Africa. Taganizirani nkhokwe ya nyemba zosakaniza, zofiira, zoyera, zamawangamawanga. Munthu wa paulendo akatapamo dzanja limodzi, sangatenge mitundu yonse. Akadzala kumene wapita, ndiye wina n'kutapanso m'zokolola zakezo kupita nazo kutali, mitundu imacheperachepera. Anthu a ku Ulaya, Asiya ndi Amerika ndi zidzukulu za dzanja limodzi lija. Nkhokwe inatsala kuno. Khungu lisakunamizeni: limayendera majini ochepa chabe komanso mphamvu ya dzuwa kumene makolo ankakhala.

Nkhaniyi imafika mpaka ku chipatala. Tengani efavirenzi, mmodzi mwa mankhwala otalikitsa moyo. Chiwindi chimaphwanya mankhwalawa motsatira jini yotchedwa CYP2B6. Pali mtundu wina wa jiniyi umene umagwira ntchito pang'onopang'ono, ndipo umapezeka kawirikawiri kuno kuposa ku Ulaya. Munthu amene anautengera kwa makolo onse awiri, mankhwala amachedwa kuchoka m'magazi mwake ndipo amachulukana. Zizindikiro zake ndi chizungulire, maloto oopsa, kusowa tulo, nthawi zina kusokonezeka maganizo. Koma mnzake wa mudzi womwewo, amene akumwa mamiligalamu 600 omwewo, akhoza osamva chilichonse. Kafukufuku anadzaonetsa kuti mamiligalamu 400 amagwiranso ntchito bwino, ndipo masiku ano anthu ambiri anasinthidwira ku dolutegilaviya. N'zodandaulitsa kuti kafukufuku wambiri wa majini wachitika mwa anthu ochokera ku Ulaya, amene ali ndi gawo chabe la kusiyanasiyanaku.

Choncho ngati mankhwala akukuvutani pomwe anzanu ali bwinobwino, musadziimbe mlandu, ndipo musawasiye kapena kuchepetsa mlingo panokha. Kauzeni adokotala kapena anamwino zimene mukumva, tsiku limene zinayamba, ndiponso ngati pali wachibale amene mankhwala omwewo anamuvutapo.