Milomo Itsekeke, Koma Mano Asakhudzane

Owerenga athu, musanapitirire taimani pang'ono. Kodi pakali pano mano anu a m'mwamba akukhudzana ndi a m'munsi? Ngati akukhudzana pamene simukutafuna kanthu, nkhani ino ndi yanu.

Munthu akapuma bwino, milomo imatsekeka koma mano amasiyana ndi kampata ka mamilimita 2 kapena 3. Ntchito yawo yokumana ndi potafuna ndi pomeza basi, ndipo nthawi yonseyi kuiphatikiza pa tsiku imakhala pafupifupi mphindi 20 zokha. Tsono munthu wankhawa amaluma mano kwa maola osadziwa, ndipo minofu ya nsagwada imagwira ganyu yomwe sinalembedwe.

Tiyerekeze mayi wina amene ndi telala. Sukulu zatsala pang'ono kutsegulidwa, mayunifolomu aunjikana, fizi ya ana ake sinakwane. Tsiku lonse amawerama pamakina, mapini ali kukamwa, mapewa atakwera. M'mawa amadzuka nsagwada zili zolemera, mutu ukuwawa m'litsipa, khosi litauma. Bambo akunyumba akuti usiku amawamva akukukuta mano. Khutu nalo limawawa, koma kuchipatala anapeza kuti lilibe vuto.

Chikuchitika nchiyani? Ikani zala pamasaya pafupi ndi makutu, ndipo lumani mano. Chotupa chimene mukuchimvacho ndi mnofu waukulu wotafunira. Mnzake uli m'litsipa, nchifukwa chake mutu umawawa pamenepo. Polumikizira nsagwada pali kutsogolo kwenikweni kwa khutu, choncho ululu wake umanamiza ngati wa khutu. Minofu ya khosi nayo imakungika pamodzi ndi ya nsagwada, makamaka mutu ukasuzumira kutsogolo. Pagalasi mayiyu angaone mano operepeseka, m'mbali mwa lilime muli zidindo za mano, ndi kamzere koyera mkati mwa tsaya.

Za kutulo munthu sangazilamule, koma za masana angathe, ndipo mpamene tiyambire.

Choyamba ndi kudzigwira. Mayiyu amange kachingwe kofiira pamakina ake, ndipo nthawi zonse akakaona kapena akamasintha ulusi adzifunse kuti: mano ali pati? Ngati akhudzana, aike nsonga ya lilime kumwamba kwa m'kamwa, kuseri kwa mano akutsogolo, monga potchula "na". Nsagwada imatsika yokha. Kenaka atsitse mapewa, apumire mkati ndi mphuno, ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, katatu. Masiku oyamba adzadzipeza ataluma kambirimbiri. Asakhumudwe, pakuti kuzindikirako ndiye chiyambi cha kusiya, ndipo chizolowezi chimasintha pakapita masabata.

Chachiwiri ndi kupeputsira nsagwada ntchito. Mapini apite pakansalu, ulusi udulidwe ndi sizasi osati mano. Ululu ukakula, aleke kaye nzimbe, chimanga chokazinga, nyama yolimba ndi chingamu, adye phala, mbatata yophika ndi nsima yofewa. Poyasamula achirikize chibwano ndi dzanja kuti pakamwa pasatseguke mopitirira.

Chachitatu ndi khosi. Pakatha theka la ola aimirire. Abweze chibwano m'mbuyo mopanda kuweramitsa mutu, awerenge mpaka 5, ndipo abwereze kasanu. Foni asaipanikize pakati pa khutu ndi phewa. Madzulo anyike kansalu m'madzi ofunda, osati otentha, aike pamasaya kwa mphindi 10 mpaka 15, kenaka asisite mozungulira ndi zala. Kukawawa kwambiri, ndiye kuti akukanikiza mopyola. Tiyi wamphamvu, khofi ndi fodya madzulo zimawonjezera kukukuta usiku.

Komabe tinene zoona: zonsezi sizilipira fizi. Nkhawa imene munthu wagona nayo yekha imabwerera kunsagwada. Mayiyu akhale pansi ndi bambo kusanade, alembe ngongole ndi masiku ake papepala, m'malo moziwerengera pamkeka.

Pakatha masabata awiri kapena atatu popanda kusintha, kapena dzino likang'aluka, kapena nsagwada ikamakanirira, aonane ndi dokotala wa mano. Iye angapange kapulasitiki kovala pogona. Kameneka kamateteza mano, koma sikachotsa nkhawa.

Pali ululu wina umene suli wa nkhawa ndipo sufuna kudikira. Nsagwada ikawawa pamodzi ndi chifuwa, mkono ndi thukuta, ungakhale mtima. Khosi likauma pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu, angakhale matenda oumitsa khosi. Nsagwada ikauma munthu atavulala kapena kulasidwa ndi msomali, angakhale kafumbata. Tsaya likatupa thupi likutentha, angakhale mafinya a dzino. Zikatere thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Tsopano mwafika kumapeto. Nanga mano aja ali pati?