Hekitala, Sikweya Mita ndi Maziro Amene Amasokoneza Alimi ndi Amisiri

Aliyense amene anapitako kusukulu amadziwa kuti mita imodzi ndi masentimita 100. Zimenezi n'zoona, koma nambala yomweyi ndi imene imasocheretsa anthu ambiri akayamba kuyeza kukula kwa munda, kwa puloti kapena kwa chipinda. Munthu amaganiza kuti popeza mita ili ndi masentimita 100, ndiye kuti sikweya mita ilinso ndi masikweya sentimita 100. Sichoncho ayi. Sikweya mita imodzi ili ndi masikweya sentimita 10,000, ndipo amene wagwiritsa ntchito 100 m'malo mwa 10,000 yankho lake limasiyana ndi lenileni ka 100.

Chifukwa chake chimaoneka bwino mukajambula pansi. Lembani pabwalo malo a mbali zinayi zofanana, mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Imeneyo ndiye sikweya mita, imene m'mabuku amailemba kuti m². Tsopano yerekezani kuti mukuyala m'malomo timapepala tating'ono, kalikonse kotalika sentimita imodzi mbali zonse. Kuti mumalize mzere woyamba pafunika timapepala 100. Koma mzere umenewo wangophimba sentimita imodzi yokha ya m'lifupi, ndiye pafunika mizere 100 kuti malo onse adzaze. Mizere 100 ya timapepala 100 ndi timapepala 10,000. Nambala ya 100 yalowamo kawiri chifukwa malo ali ndi mbali ziwiri, m'litali ndi m'lifupi, ndipo ka 2 kamene kamakhala pamwamba pa m² ndi cm² kamatikumbutsa zomwezo.

Hekitala nayonso inapangidwa chimodzimodzi. Ndi malo a mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 10,000. Choncho kuchoka pa sikweya sentimita kupita pa sikweya mita timagawa ndi 10,000, ndipo kuchoka pa sikweya mita kupita pa hekitala timagawanso ndi 10,000. Pobwerera timachulukitsa ndi nambala yomweyo.

Tiyeni tione mmene zimenezi zimagwirira ntchito m'munda wa chimanga. Alangizi a zaulimi ku Malawi amalimbikitsa kuti mizere izitalikirana masentimita 75, mapando azitalikirana masentimita 25, ndipo paphando pazibzalidwa njere imodzi. Ambiri kabzalidwe kameneka amangokatchula kuti Sasakawa. Tinene kuti mayi wina wayeza munda wake ndi tepi n'kupeza kuti ndi mamita 80 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi, ndipo akufuna kudziwa kuti mulowa mapando angati.

Kukula kwa munda sikuvuta: 80 kuchulukitsa ndi 50 ndi masikweya mita 4,000. Kugawa ndi 10,000 tipeza mahekitala 0.4. Chovuta chili pa malo amene phando limodzi limatenga, chifukwa miyezo yake ili m'masentimita. Tikachulukitsa 75 ndi 25 tipeza masikweya sentimita 1,875. Apa m'pamene anthu amapunthwa. Wogawa ndi 100 apeza kuti phando limodzi likutenga masikweya mita 18.75, ndiye m'munda wonse uja muzilowa mapando 213 okha. Mlimi aliyense angakane yankho limeneli asanamalize kulimva, pakuti malo a masikweya mita 18.75 ndi aakulu kuposa chipinda chogona cha m'nyumba zambiri, ndipo palibe phesi la chimanga limene limafuna malo otero. Kugawa koyenera n'kwa 10,000, kumene kukupatsa masikweya mita 0.1875. Tikagawa 4,000 ndi 0.1875 tipeza mapando pafupifupi 21,333. Pa hekitala yathunthu angakhale pafupifupi 53,333, ndipo imeneyi ndi nambala imene alangizi amatchula akamanena za kabzalidwe kameneka.

Ine ndimalangiza kuti munthu asamadikire kufika pa 1,875 kuti asinthe miyezo. Ndi bwino kusintha masentimita kukhala mamita musanayambe kuchulukitsa. Masentimita 75 ndi mamita 0.75, masentimita 25 ndi mamita 0.25, ndipo mukachulukitsa ziwirizi yankho limatuluka lili kale m'masikweya mita.

```
0.75 m × 0.25 m = 0.1875 m²
4,000 m² ÷ 0.1875 m² = 21,333
```

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti mumangogwiritsa ntchito 100 amene mumamudziwa kale, kamodzi pa mbali iliyonse, ndipo simufunika kukumbukira kuti maziro akhale angati.

Yankho limeneli lingathe kutsimikizidwa popanda kutchula sikweya mita n'komwe. Ngati mizere ikutsata m'litali mwa munda, m'lifupi mwa mamita 50 mulowa mizere 66 yotalikirana masentimita 75, n'kutsala kamalo pang'ono kumalire. Mzere uliwonse wa mamita 80 utenga mapando 320, popeza pa mita imodzi pamalowa mapando anayi. Mizere 66 ya mapando 320 ndi mapando 21,120. Nambalayi ikusiyana pang'ono ndi 21,333 chifukwa cha kamalo kotsala kaja, koma zikuonekeratu kuti mayankho awiriwa akugwirizana. Mukawerengera m'njira ziwiri n'kupeza kuti yankho lina likuposa linzake ka 100, dziwani kuti penapake 100 walowa kamodzi pamene amafunika kawiri.

Pali msampha wina umene umadya ndalama kuposa onsewa, ndiwo kusokoneza hekitala ndi ekala. Mayinawa amamveka mofanana pakamwa, ndipo kumudzi anthu ambiri amatchula minda yawo m'maekala pamene malangizo olembedwa pamapaketi a mbewu ndi pamabotolo a mankhwala nthawi zambiri amakhala a pa hekitala. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, kutanthauza kuti hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Munda wa mayi uja, wa masikweya mita 4,000, wangotsala pang'ono kukwana ekala. Tinene kuti wauzidwa kuthira feteleza wokwana makilogalamu 200 pa hekitala. Woyenera munda wake ndi 200 kuchulukitsa ndi 0.4, omwe ndi makilogalamu 80. Akamva "hekitala" n'kuganiza za ekala yake, agula matumba anayi a makilogalamu 50 pamene awiri akanakwana n'kutsalako. Pa feteleza chimene chimapweteka kwambiri ndi ndalama, koma pa mankhwala opha udzu kapena tizilombo, kuwirikiza mlingo kawiri ndi theka kungathe kuwononga mbewu ndiponso kuika wopoperayo pangozi. Musanathire chilichonse, funsani kuti, "Kodi achikulire, mlingo mwanenawu ndi wa pa ekala kapena wa pa hekitala?" Palibe chamanyazi pa funso limeneli.

Ogula malo nawonso asamale ndi mawu akuti theka. Malo a mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi si theka la hekitala, ngakhale kuti 50 ndi theka la 100. Ndi masikweya mita 2,500, gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, chifukwa mbali zonse ziwiri zadulidwa pakati. Theka la hekitala ndi masikweya mita 5,000, mwachitsanzo mamita 100 ndi 50. Puloti ya mamita 30 ndi 15 ndi masikweya mita 450, omwe ndi mahekitala 0.045. Wina akalemba 0.45 papepala, ziro mmodzi wosowayo wakulitsa malowo ka 10. Komanso kuyenda mozungulira malire sikuuza munthu kukula kwa malo. Munda wa mamita 100 ndi 100 ndiponso wa mamita 150 ndi 50, yonse iwiri mukaizungulira muyenda mamita 400, koma woyambawo ndi hekitala yathunthu pamene wachiwiriwo ndi masikweya mita 7,500 basi.

Tikafika pa zinthu zokhala ndi kuya, monga thanki, dzenje kapena konkire, mbali zimakhala zitatu, ndiye 100 uja amalowamo katatu. Kiyubiki mita, yolembedwa m³, ndi bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe. Lili ndi makiyubiki sentimita 100 × 100 × 100, omwe ndi 1,000,000. Nambala imeneyi ndi yovuta kuiona m'maganizo, choncho n'kothandiza kudutsira pa lita. Lita imodzi ndi makiyubiki sentimita 1,000, kofanana ndi kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Amenewo ndi madzi odzaza zigubu 50 za malita 20. Amene amalipira bilu ya madzi yowerengedwa m'makiyubiki mita angathe kuyerekeza pamenepo kuchuluka kwa madzi amene banja lagwiritsa ntchito.

Pa ntchito yomanga, vuto limabwera chifukwa chosakaniza miyezo m'chiwerengero chimodzi. Chipinda cha mamita 4 ndi 3 chili ndi masikweya mita 12, ndipo mmisiri akufuna kuthira konkire yokhuthala masentimita 10. Wothamanga achulukitsa 12 ndi 10 n'kupeza 120, n'kulemba kuti makiyubiki mita. Koma chipinda chonsecho, chitadzazidwa mpaka kudenga lotalika mamita atatu, chingalowe makiyubiki mita 36 okha, ndiye 120 sangakhale yankho. Masentimita 10 ayambe asanduka mamita 0.1, kenako 12 kuchulukitsa ndi 0.1 kupereke makiyubiki mita 1.2. Imeneyo ndi konkire yosakaniza kale. Mchenga, miyala ndi simenti zikakhala zouma zimafunika zochulukirapo kuposa pamenepa, chifukwa posakaniza simenti ndi mchenga zimalowa m'mipata ya miyala.

Kuwerengera komweku kumathandiza amene akufuna kukolola madzi a mvula. A zanyengo akanena kuti kwagwa mvula ya mamilimita 20, akutanthauza kuya kwa madzi amene akanaima pamalo athyathyathya akanapanda kulowa pansi kapena kuyenda. Milimita imodzi ndi mamita 0.001, ndiye pa sikweya mita imodzi pagwa makiyubiki mita 0.001, yomwe ndi lita imodzi ndendende. Denga la malata lophimba malo a mamita 8 ndi 5, kutanthauza masikweya mita 40, lilandira malita 800 pa mvula ya mamilimita 20. Poyeza, tengani malo apansi amene dengalo laphimba, osati kutalika kwa malata motsata kupendekeka kwake, ndipo yembekezani kuti ofika m'thanki achepa pang'ono chifukwa ena amatayika m'njira. Pa hekitala yathunthu, milimita imodzi ya mvula ndi malita 10,000, kapena makiyubiki mita 10. Munda wa mayi uja, wa mahekitala 0.4, mvula yomweyo ya mamilimita 20 iuthira malita 80,000, ndipo wofuna kuuthirira ndi pampu m'chilimwe kuti alowe m'malo mwa mvula imodzi yotereyi ayenera kukoka makiyubiki mita 80 kuchokera mumtsinje kapena pachitsime.