Minibasi yachita ngozi: inshuwalansi ilipira zingati?

Lamulo la pamsewu m'Malawi limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi, ndipo eni minibasi ambiri amagula yotchipa ija ya thedi pate kuti apolisi asawavute pa rodibuloko. Inshuwalansi imeneyi imalipira anthu ena amene minibasi yawavulaza kapena kuwawonongera katundu, mpaka pa malire amene alembedwa m'pangano. Minibasi yeniyeniyo, ikaphwanyika, mwini wake amakonza yekha. Wofuna kuti kampani imukonzere galimoto amagula ya kompurehensivu, imene mtengo wake ndi wokwera. Koma nayonso ili ndi malire, ndipo malirewo amalembedwa m'masamba amene ambiri sawawerenga.

Tiyerekeze kuti minibasi yochokera ku Limbe yagunda kumbuyo kwa lole pa raundabauti ya ku Chichiri. Kumaso kwaphwanyika, galasi lasweka, ndipo garaja yati kukonza zonse ndi K3,000,000. Mwini wake amayembekezera ndalama yonseyo, koma kampani imayamba yachotsa ekisesi, gawo limene mwini galimoto amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Tinene kuti pangano lake likuti ekisesi ndi K10 pa K100 iliyonse, koma isachepere K250,000. Apa ndiye kuti mwini minibasi apereka K300,000, kampani ipereka K2,700,000. Tsiku lina minibasi ikangosweka nyali ndi kukandika bampala, zokonza n'kukwana K200,000, kampani sipereka kanthu chifukwa ndalamayo sinafike pa ekisesi. Mapangano ena amawonjezeranso ekisesi ina ngati woyendetsa anali wachichepere kapena wongotenga kumene laisensi.

Ekisesi imapweteka, komabe munthu amalandirako kanthu. Zowawa kwambiri zili pa mndandanda wa zinthu zimene kampani inakaniratu kulipira, ndipo zambiri mwa izo zimachitika mwini galimoto ali kunyumba, akudikira ndalama ya madzulo.

Aliyense wokwera minibasi amadziwa za aganyu. Dalaiva weniweni amatsika masana kukadya nsima kapena kukapuma, n'kusiyira makiyi mnyamata wina kuti apangeko maulendo angapo. Ngoziyo ikachitika mnyamatayo ali pachiwongolero, alibe laisensi yoyenera kapena chilolezo chonyamulira anthu, kampani ili ndi chifukwa chokanira kukonza galimotoyo. N'chimodzimodzi ngati dalaiva anali ataledzera. Kondakitala akapanikiza anthu anayianayi pampando, chiwerengero n'kupitirira chimene chinalembedwa m'mapepala, nayonso ndi nkhani: kampani imafunsa kuti m'galimoto munali anthu angati, ndipo lipoti la apolisi ndi la kuchipatala limaulula. Chiphaso cha COF chikakhala chotha ntchito, matayala ali osalala, mpata wokanira umakulirakulira. Pali enanso amene amalembetsa minibasi ngati galimoto yapakhomo kuti alipire zochepa, pamene ikunyamula anthu tsiku ndi tsiku. Ameneyo wataya ndalama yake.

Injini kugogoda, giyabokosi kufa ndi matayala kutha si ngozi, choncho kampani sizikhudza. Ndalama imene minibasi ikanapanga masabata amene yakhala pagaraja nayo sibwezedwa, pokhapokha mwini wake anagulira padera chitetezo chimenecho.

Ngozi ikachitika, choyamba ndi kuthamangira nawo kuchipatala ovulala ndi kudziwitsa apolisi a trafiki. Dalaiva ajambule zithunzi magalimoto asanasunthidwe, alembe nambala ya galimoto inayo, kampani yake ya inshuwalansi ndi manambala a foni a mboni. Asavomere mlandu pamsewu kapena kulonjeza kulipira, ngakhale anthu amuunjirire chotani, chifukwa mapangano amaletsa kutero kampani isanalole. Mwini minibasi aimbire kampani kapena ejenti wake tsiku lomwelo, popeza pangano limakhala ndi masiku ake odziwitsira ngozi, ndipo wochedwa akhoza kukanidwa. Kenako amadzaza fomu, n'kuperekera pamodzi lipoti la apolisi, laisensi ya amene ankayendetsa, mapepala a galimoto ndi makoteshoni a ku garaja.

Apa m'pamene ambiri amapupuluma. Minibasi ikaima, pakhomo pamaima zambiri, ndiye mwini wake amaikokera kwa makaniko kuti iyambe kuwongoledwa. Kampani imafuna kuti katswiri wake ayambe waiona ndi kuvomereza mtengo. Yokonzedwa kale ilibenso umboni woti aone.

Kampani ikakana kulipira, mwini minibasi aipemphe kuti ilembe chifukwa chake m'kalata ndi kuloza ndime ya pangano imene yatsamira. Akapanda kukhutira, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi. Inu amene muli ndi minibasi, tulutsani pangano lanu lero, muwerenge ndime ya ekisesi ndi ya zokanidwa, kenako mufunse dalaiva wanu kuti masana makiyi amakhala ndi ndani.